Mphindi 10 zokha: tikonze bwanji kaphunziro ka mpweya?

Wa chaka choyamba ku TTC: Moni nonse aphunzitsi. Lachinayi likudzali kalasi yathu ili ndi maikulo tichingi. Aliyense wapatsidwa mphindi 10, ndipo pepala lochongera likufuna zinthu zitatu zioneke bwino: chiyambi chokopa chidwi, chionetsero, ndi kuyesa ngati ophunzira amvetsa. Mutu wanga ndi mpweya. Chikonzekero chimene ndalemba chikutenga mphindi 19. Muli tanthauzo la mpweya, zimene zimapezeka mumpweya, ntchito zake zisanu, chionetsero cha kandulo ndi cha tambula. Ndidule pati?

Wa masamu ku sekondale: Achemwali, musadule kanthu. Zonsezo n'zofunika. Lembani tanthauzo ndi ntchito zisanuzo patchati kunyumba, mukangopachika n'kuwerenga mwachangu. Mukafulumira pang'ono zikwana.

Mlangizi wa uphunzitsi: Zolembera tchati kunyumba n'zoona, zimapulumutsa nthawi. Koma kufulumira ayi. Maikulo si phunziro la mphindi 35 lothamangitsidwa. Njirayi inayamba ku yunivesite ya Stanford ku Amereka mu 1963, ndipo Dwight Allen ndi anzake anaikonza kuti wophunzira uphunzitsi ayeserere luso limodzi pa kagulu kochepa kwa mphindi zowerengeka, amve ndemanga, akonze, n'kuphunzitsanso. Chimene chimachepetsedwa ndi mutu, osati mpata wopumira pakati pa mawu.

Achemwali, "mpweya" si mutu wa mphindi 10, ndi wa milungu. Tengani mfundo imodzi imene ingalowe m'chiganizo chimodzi. Pa zimene mwatchulazo, ya tambula ndiyo yoyenera: mpweya umatenga malo. Kandulo ichotseni. Imaphunzitsa mfundo ina, yoti moto umafuna mpweya, ndipo machesi ndi mphepo ya pawindo zikhoza kukudyerani mphindi ziwiri.

Wa chaka choyamba ku TTC: Zikomo madamu. Koma ndikuopa kuti alekichala anena kuti nkhani yachepa.

Mlangizi wa uphunzitsi: Bwererani ku pepala lochongeralo muone ngati pali mzere wonena za kuchuluka kwa mfundo. Mwanena nokha kuti likufuna zinthu zitatu. Amene wabweretsa mfundo zisanu nthawi imamuthera ali pakati pa chionetsero, ndipo gawo loyesa ophunzira, limene limakhala kumapeto, silioneka n'komwe. Malikisi ake amapita onse.

Lembani chizindikiro cha kakhonzedwe chimodzi, chokhala ndi mneni wooneka ndi maso. "Ophunzira amvetsa za mpweya" sichithandiza, chifukwa kumvetsa sikuoneka. Lembani chonchi: ophunzira afotokoza chifukwa chimene madzi salowera m'tambula yovundikiridwa m'madzi, ndipo alosera chimene chingachitike mpweya ukapeza potulukira. Chiganizo chimenechi chakuuzani kale chionetsero chanu ndi funso lanu lomaliza.

Mayi wa sitandade 2: Pa chiyambipo muyambe ndi nyimbo. Ana akaimba ndi kuwomba m'manja amadzuka, tulo timatha. Palibe chokopa chidwi choposa nyimbo.

Wa sayansi ku pulayimale: Amayi, nyimbo imadzutsadi ana, makamaka a makalasi anu ang'onoang'ono. Koma kudzutsa thupi ndi kukopa maganizo n'zosiyana. Nyimbo ikatha, mwana amakhala wosangalala koma alibe funso m'mutu. Chiyambi chili ngati nyambo pambedza: iyenera kukokera nsomba kumene kuli msodzi, osati kungoidyetsa. Pa phunziro ili nyambo ndi mawu oti "mulibe kanthu".

Chitani chonchi. Nyamulani tambula m'mwamba, itembenuzeni, igwedezeni, n'kufunsa kuti, "M'tambula muno muli chiyani?" Onse ati mulibe kanthu. Musatsutse, ngakhale ndi nkhope. Lembani pakona ya bolodi mawu awo omwewo: mulibe kanthu. Kenaka finyani pepala, likankhireni mkati mwa tambula mpaka pansi, tembenuzani aone kuti silikugwa, n'kunena kuti, "Ndimiza tambula yonseyi m'madzi chozondoka mpaka madzi aikwirire. Pepalali linyowa kapena ayi?" Aliyense asankhe: onena kuti linyowa aimike dzanja, onena kuti silinyowa aike manja pamutu. Werengani n'kulemba manambala pabolodi, mwachitsanzo 11 ndi 4. Zonsezi ndi mphindi imodzi ndi theka. Munthu amene waimika dzanja pagulu amafuna kudziwa ngati walondola, ndipo maso ake sachokanso patambulapo.

Mayi wa sitandade 2: Chabwino, koma m'kalasimo mudzakhala anzake a ku koleji, osati ana. Akuluakulu amadziwa kale kuti pepala silinyowa. Nyambo yanuyo idzagwira ndani?

Wa sayansi ku pulayimale: Funso labwino. Ambiri anamvapo, koma ochepa anagwirapo tambula n'kuyesa. Ndipo ngakhale onse atati silinyowa, funso lotsatira ndi lakuti, "Ngati m'tambula mulibe kanthu monga mwanena, n'chiyani chiletse madzi?" Pamenepo mayankho awiri awo atsutsana, ndipo nyambo yagwirabe.

Ahedi opuma: Ana inu, musaiwale mwambo wa phunziro. Mphunzitsi apereke moni, alembe tsiku, alembe mutu, atchule zizindikiro za kakhonzedwe, kenaka ayambe. Woyesa akaona kuti bolodi lilibe mutu amachotsa malikisi asanamve n'komwe nyambo yanuyo.

Wa sayansi ku pulayimale: Ahedi, ndi ulemu wonse, akalemba pabolodi kuti "Mpweya umatenga malo" asanafunse funso, wapereka yankho. Zili ngati kuponya ndagi utatchula kale tanthauzo lake.

Ahedi opuma: Pamenepo ndakumva mwananga. Koma mwana sayenera kuyenda ulendo osadziwa kumene akupita.

Mlangizi wa uphunzitsi: Zonse ziwiri zikhoza kukwana. Tsiku ndi phunziro zilembedwe wotchi isanayambe, ngati woyesa walola. Mutu ulembedwe ngati funso: "Muli chiyani m'tambula?" Zizindikiro zitchulidwe nyambo itangotha, m'masekondi 20, m'mawu osaulula: "Pomaliza phunziroli mufotokoza chimene chachitika ndi pepalali, ndipo mulosera chimene chingachitike tikasintha kanthu kamodzi." Komabe oyesa amasiyana. Ena amafunadi zizindikiro poyambirira penipeni. Achemwali, afunseni alekichala anu mawa kuti akufuna ziti, musadikire Lachinayi.

Kagawidwe ka nthawi nakhala kotere. Mphindi imodzi ndi theka nyambo. Theka la mphindi zizindikiro. Mphindi zinayi chionetsero pamodzi ndi mafunso ake. Mphindi ziwiri ndi theka kuyesa. Theka la mphindi mathero. Mukaphatikiza ndi mphindi 9. Yotsalayo musaikemo kanthu. Idzadyedwa ndi choko chothyoka, wophunzira woyankha motalika, kapena kupukuta madzi patebulo.

Wa chaka choyamba ku TTC: Mphindi zinayi pa kumiza tambula kokha? Ndinayesa m'ndowa, ndi masekondi 10 basi.

Wa sayansi ku pulayimale: Ndowayo ndiyo vuto loyamba. Ngati ndi yosaonekera mkati, ophunzira amaona dzanja lanu likulowa n'kutuluka, basi. Wina aganiza kuti simunamize yonse. Pezani botolo la pulasitiki loonekera mkati la malita 5, la madzi akumwa kapena la mafuta ophikira lotsukidwa bwino ndi sopo. Lidule paphewa, pamene layamba kuning'a, n'kuchotsa pepala la kampani. Za TALULAR zomwezi, palibe chogula. Yesani kaye ngati dzanja ndi tambula zikulowa pamodzi.

Madzi asadzaze. Tambula yodzaza mpweya pamodzi ndi zala zanu zimakankha madzi okwana kapu yathunthu kapena kuposa, ndiye mukadzaza mpaka kukamwa asefukira pachikonzekero chanu. Thirani magawo atatu mwa anayi, koma onetsetsani kuti akukwirira tambula. Ngati tambula ndi yotalika masentimita 10, madzi akhale akuya masentimita 15 kapena kuposa. Botololo likhale m'beseni, ndipo beseni likhale pamalo okwera kuti a kumbuyo aone m'mbali mwa botolo, osati pamwamba. Inu muime kumbuyo kwake, musalitchinge ndi thupi.

Tsono chionetserocho chili ndi maulendo awiri. Woyamba, tambula ilowe chozondoka itawongoka bwino, kukamwa konse kukhudze madzi nthawi imodzi. Kanikizani ndi zala pathako pake, pang'onopang'ono. Imire yonse, ndipo kalasi iwerenge mokweza mpaka 10. Kuwerengako kuli ndi ntchito: kumatseka pakamwa amene angati pepala silinanyowe chifukwa munachita mothamanga. Itulutseni ili chozondoka chomwecho, pukutani kukamwa kwake ndi kansalu, kenaka wophunzira wa manja ouma ndiye asolole pepala n'kulionetsa. Ulendo wachiwiri, bwezerani pepala, mizani monga poyamba, koma ili pansipo ipendekeni pang'ono. Thovu lalikulu lituluka n'kukwera, kumveka kuti bubu, ndipo madzi alowa. Pendekaninso mpaka thovu lithe. Pepala lituluka lonyowa.

Ulendo woyamba wokha sukwanira. Umaonetsa kuti china chake chaletsa madzi. Wachiwiri ndiwo umaonetsa chinthucho chikutuluka ndi madzi akulowa m'malo mwake.

Wa masamu ku sekondale: Bwanji mphunzitsi asolole yekha pepalalo? Kuitana wophunzira kuchokera kumpando ndi masekondi 20 otayika.

Wa sayansi ku pulayimale: Chifukwa manja ake anyowa. Akagwira pepala lija alinyowetsa yekha, n'kunyamula m'mwamba pepala la madontho akunena kuti ndi louma. Chinanso, akaitembenuza tambula chagada asanapukute, madontho a kukamwa amatsetsereka kupita kupepala. Awa ndi malo awiri amene chionetserochi chimafera kawirikawiri. Malo achitatu ndi pepala kugwera m'madzi potembenuza. Musalifinye ngati mwala. Theka la tsamba la nyuzipepala lofinyidwa mosalimbitsa limadzitambasula n'kugwira m'mbali mwa tambula. Ngati tambula ndi yotambalala kukamwa, matani ndi kaselotepi pansi. Nyuzipepala ili ndi ubwino wina: ikanyowa imada, ndipo a kumbuyo amaona kusiyana kwake osaikhudza. Masekondi 20 aja mukhoza kuwapulumutsa pomuitana wothandizayo chionetsero chisanayambe, aime pambali panu atagwira kansalu.

Khalani ndi mapepala atatu ofinyiratu m'thumba la pulasitiki, kutali ndi beseni.

Mayi wa sitandade 2: Madzi oyera m'botolo loyera, tambula yoyeranso. Wokhala kumbuyo aona chiyani? Athiremo kena kosintha mtundu.

Wa sayansi ku pulayimale: Zoona amayi, koma pang'ono kwambiri. Tiyi wopanda mkaka masipuni angapo akwana. Mukadetsa kwambiri, tambula ibisika ndipo thovu silioneka. Njira ina yabwino kuposa ndi chitsekero cha botolo chofiira. Chiyandamitseni chagada pamadzi, vundikirani tambula pamwamba pake n'kukanikiza. Chitsekero chimatsika ndi tambula mpaka pansi chikuyandamabe pakamwa pake. Maso amatsatira chofiiracho, ndipo aliyense amaona pamene madzi alekezera.

Wa masamu ku sekondale: Apa pali chimene sichikulondola. Mukuti madzi salowa, koma amalowa. Mpweya umapanikizika. Wophunzira wakuthwa akaona kuti madzi akwera mkati, mphunzitsi aoneka wonama.

Wa sayansi ku pulayimale: Amalowadi, achimwene, koma tiwerengere kuchuluka kwake. Madzi akuya mamita pafupifupi 10 ndiwo amapanikiza mofanana ndi mpweya wonse umene uli pamwamba pathu. Ife tikumiza kukamwa kwa tambula masentimita osaposa 20, lomwe ndi gawo limodzi mwa 50 la kuya kumeneko. Ndiye mpweya wa m'tambula ufinyika ndi gawo limodzi mwa 50. M'tambula ya masentimita 10, madzi akwera pafupifupi mamilimita awiri. Bola pepala lisalendewere mpaka kukamwa. Likhale m'theka lakumwamba.

Koma mawu anu ali ndi phindu. Mphunzitsi asanene kuti "madzi salowa ngakhale dontho". Anene kuti "madzi alephera kudzaza tambula". Wina akafunsa za mamilimita awiriwo, amuyamikire kuti waona bwino, amuuze kuti mpweya umafinyika pang'ono ndipo ndilo phunziro lotsatira. Asalowemo, nthawi palibe.

Wa masamu ku sekondale: Ine ndikanaphunzitsa zonse ziwiri pamodzi. Kubisa theka la choonadi sikundikhalira bwino.

Mlangizi wa uphunzitsi: Pa phunziro lathunthu mukhoza. Pano zitenga mphindi zoyesera zija.

Ndiyankhe funso la achemwali la mphindi zinayi. Manja amagwira ntchito mphindi imodzi ndi theka yokha. Zotsalazo ndi mafunso, ndipo malo ake ndi ofunika. Pepala louma litatuluka, musafotokoze. Lozani pabolodi pamene palembedwa "mulibe kanthu" ndi manambala aja, n'kufunsa, "Chaletsa madzi n'chiyani?" Apatseni masekondi 30 akambirane awiriawiri ndi amene ayandikana naye. Tengani mayankho awiri okha. Musanene kuti wakhoza kapena walakwa, nenani kuti, "Tiyeni tione." Musanapendeke tambula, auzeni choyang'ana: "Maso onse pakamwa pa tambula." Mukapanda kutero, theka la kalasi limayang'ana nkhope yanu, thovu n'kudutsa osaliona. Thovu litatuluka, mafunso ndi atatu aafupi motsatana: chatuluka n'chiyani, chinali kuti, nanga chalowa m'malo mwake n'chiyani. Kenaka wophunzira mmodzi abwere adzafute "mulibe kanthu" n'kulemba chimene chilimo. Mfundo ya phunziro ituluke pakamwa pawo, inu mungoiwongola n'kuilemba.

Chovuta kwambiri kwa oyamba kumene ndi kudikira. Mary Budd Rowe, amene anafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi ku Amereka, anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Pa maikulo, wotchi ikuyenda, chete wa masekondi atatu amamveka ngati chaka, ndiye munthu amadziyankha yekha. Werengani mumtima mpaka 3, ndipo dzina la woyankha litchulidwe funso litatha, osati lisanayambe. Mukayamba ndi dzina, ena onse amasiya kuganiza.

Wa chaka choyamba ku TTC: Zamveka bwino. Pa kuyesa ndinalemba kuti ndifunsa "Tamvana? Pali funso?" kenaka onse anene pamodzi katatu kuti mpweya umatenga malo. Ndiye sizokwanira eti?

Ahedi opuma: Kubwereza pamodzi si koipa mwanawe. Kumakhazikitsa mawu m'mutu, ndipo m'kalasi ya ana 90 nthawi zina ndi chokhacho chimene uli nacho. Koma usakutche kuyesa. Ana akayankha pamodzi kuti "Eee", asanu akutsogolo ndiwo akutsogolera, enawo akungovomera ngati nyimbo ya kumunda. Mwana akhoza kunena chiganizocho bwinobwino osadziwa kuti chikukhudzana bwanji ndi pepala lija.

Mlangizi wa uphunzitsi: Ahedi anena zoona. Kuyesa kwenikweni kuli ndi zinthu zitatu: funso likhale la chinthu chimene sanachione, aliyense ayankhe nthawi imodzi mooneka, ndipo yankho lolakwika likuuzeni pamene munthu wasochera.

Pa phunziro ili tengani kapu ya pulasitiki yoonekera mkati. Iboleni pathako ndi msomali wotentha, bowo la mamilimita atatu kapena anayi. Ikani pepala monga poyamba. Aonetseni bowolo n'kufunsa: "Ndikamiza kapu iyi chozondoka, itawongoka, chichitika n'chiyani?" Mayankho atatu akhale patchati cholemberatu. 1: pepala likhala louma chifukwa kapu sinapendeke. 2: linyowa chifukwa mpweya utulukira pabowo, madzi n'kulowa m'malo mwake. 3: linyowa chifukwa madzi adonthera pabowo kuchokera pamwamba. Aganize masekondi asanu osayankhula, ndipo mukati "tsopano" aliyense aonetse zala pachifuwa pake. Pachifuwa, osati m'mwamba, kuti asaonerane.

Wosankha 1 waloweza lamulo loti chowongoka n'chouma, chopendeka n'chonyowa, koma za mpweya sanazigwire. Wosankha 3 walondola kuti linyowa koma chifukwa chake n'china. M'maganizo mwake kapu idakali yopanda kanthu, madzi akungofuna khomo. Mukanangofunsa kuti linyowa kapena ayi, a 2 ndi a 3 akanaoneka ofanana, inu n'kuganiza kuti onse amvetsa.

Wa masamu ku sekondale: Koma 3 si wolakwiratu. Kapu yonse ikamira, bowo lili pansi pa madzi. Mutsimikiza bwanji kuti madzi sanadzere pamenepo?

Wa sayansi ku pulayimale: Apa mwagunda penipeni. Mankhwala ake ndi kusamiza yonse. Tsitsani kapu mpaka thako lake litatsala sentimita imodzi pamwamba pa madzi. Bowo silinakhudze madzi, koma mkatimo madzi akwera kuchokera kukamwa mpaka kufanana ndi akunja, pepala n'kunyowa. Yankho 3 lagwa lokha. Ndipo ngati wophunzira aika chala chonyowa pafupi ndi bowo kapu ikutsika, amva kamphepo kakutuluka. Amene mumuitane kudzamva kamphepoko akhale mmodzi wa osankha 1 kapena 3. Mukafuna kutsindika, tsekani bowo ndi chala n'kumiza: madzi salowa. Chotsani chala: akwera. Koma kapu ya pulasitiki ndi yopepuka, imafuna kuthawira m'mbali bowo likatsekedwa, ndiye igwireni zolimba.

Wa chaka choyamba ku TTC: Nanga theka la kalasi likasankha zolakwika? Ndidzaoneka kuti ndalephera kuphunzitsa pamaso pa alekichala.

Mlangizi wa uphunzitsi: Woyesa wodziwa ntchito amayang'ana chimene mwachita mutaona zalazo. Cholakwika chachikulu ndi kuona zala zosiyanasiyana n'kunena kuti "mwakhoza nonse" kenaka n'kupita kumathero. Lembani m'chikonzekero njira ziwiri. Ngati ambiri, tinene 12 mwa 15, asankha 2, funsani mmodzi afotokoze m'mawu ake, chitani chionetsero cha bowo mwachidule, tsekani. Ngati agawanika, mmodzi wa 2 ndi mmodzi wa 3 anene zifukwa zawo chiganizo chimodzi aliyense, chitani chionetsero, n'kufunsanso funso lina latsopano: "Chigubu chopanda madzi mukachimiza pachitsime chimalira kuti bubu-bubu. Chikulira n'chiyani, ndipo chimasiya liti?" Mphindi yosungidwa ija ntchito yake ndi imeneyi. Nenani mokweza zimene mwaona, monga "Ndaona anthu asanu asankha 3, tiyeni tiyese maganizo amenewo," kuti woyesa adziwe kuti mwawerenga.

Mayi wa sitandade 2: Ine chimene chikundisowa ndi ntchito ya m'magulu. Masiku ano phunziro lopanda magulu amati mphunzitsi ndiye wayankhula yekha. Apereke tambula pagulu lililonse ana ayese okha.

Wa sayansi ku pulayimale: M'kalasi yeniyeni ndi mmene ziyenera kukhalira, mwana amve yekha tambula ikukana kumira. Koma kukoka mipando, kugawa mabeseni anayi a madzi ndi kubweza anthu kuti akumvereninso ndi mphindi zitatu musanaphunzitse kanthu. Ndipo pepala lochongera lati chionetsero. Kukambirana awiriawiri, kuvota, ndi ophunzira atatu obwera kutsogolo n'kutenga mbali kokwanira pa mphindi 10.

Mayi wa sitandade 2: Sindinakhutire. Atatu agwira, 12 angoonerera. Kapu ndi beseni pa anthu anayi alionse, zoikidwiratu pansi pa desiki, sizingatenge mphindi zitatu.

Mlangizi wa uphunzitsi: Zikhoza kutheka ngati chipinda mwachipeza chopanda anthu musanayambe. Pa maikulo nthawi zambiri mnzanu akamaliza inu mumalowa pomwepo, ndipo wobwera pambuyo panu apeza pansi pali madzi. Ndikanasiyira achemwali aone chipinda chawo.

Za kuyeserera. Yeserani mokweza, mutaimirira, ndi madzi enieni, wotchi ya pafoni ikuyenda, kosachepera katatu. Kuwerenga chikonzekero mumtima kumanamiza, chifukwa mumtima simulemba pabolodi ndipo palibe amene amachedwa kuyankha. Pofunsa funso siyani mpata weniweni wa yankho. Ulendo umodzi mnzanu akujambuleni pafoni ataima kumbuyo kwa chipinda, chifukwa ndi pokhapo mungadziwe ngati thovu likuoneka kuchokera kumeneko, ndiponso nthawi imene mwakhala mutafulatira kalasi. Lembani pakapepala manambala awiri okha: 2:00 tambula ili m'manja, 6:00 kapu yabowo ili m'manja. Ikakwana 6:00 muli pakati pa kufotokoza, dulani kufotokozako. Kuyesa kusadulidwe.

Ahedi opuma: Ndiwonjezere za anzake aja. Ena akauzidwa kuti akhale ngati ana amapitirira muyeso, kulira, kumenyana, kupempha kupita kuseri. Ena amayankha ngati mabuku, kutchula mayina a mipweya ya mitundumitundu pa funso loyamba lomwe. Zonsezi zimapha phunziro. Ugwirizane nawo kuti ndi ana a sitandade yanji, ayankhe monga mwana wa msinkhu umenewo. Koma usawagawire mayankho. Woyesa amazindikira msanga kalasi yoloweza, manja onse akukwera funso lisanathe.

Wa chaka choyamba ku TTC: Zikomo ahedi. Wina akayankha pa funso loyambirira lija kuti "muli mpweya", nditani? Nyambo yatha pomwepo.

Wa sayansi ku pulayimale: Lembani yankho lakelo pambali pa "mulibe kanthu", nkhope yanu isasinthe. Nenani kuti, "Tili ndi maganizo awiri. Tidziwa bwanji olondola, poti sitikuona kanthu?" Funso lasanduka la umboni, ndipo chionetsero chanu ndicho chiweruze. Kudziwa kuti muli mpweya n'kosiyana ndi kudziwa kuti mpweyawo ungaletse madzi. Amene wanena kuti muli mpweya akhoza kuvoterabe kuti pepala linyowa.

Wa chaka choyamba ku TTC: Ndayesa tsopano ndi botolo la malita 5. Zatenga mphindi 9 ndi masekondi 40, koma kapu yabowo ikuchedwa kudzaza, madzi akukwera pang'onopang'ono kwambiri.

Wa sayansi ku pulayimale: Yang'anani ziwiri. Pepala likhoza kukhala litatseka bowo mkati, makamaka ngati mwamata selotepi pomwepo; bowolo likhale chakumphepete kwa thako, selotepi pakati. Ngati si zimenezo, bowo ndi laling'ono kapena pulasitiki yosungunuka yabwerera. Tenthetsaninso msomali mulikulitse mpaka mutu wa machesi uzilowa momasuka. Masekondi 40 owonjezerawo muwapeze pa kulemba: manambala a mavoti okha ndi chiganizo chomaliza ndizo zilembedwe kalasi ikuona, zina zonse zikhale patchati.

Mayi wa sitandade 2: Mutenge madzi anu m'chigubu kuchokera kogona, musadalire mpopi wa pafupi ndi kalasi m'mawa wa tsikulo. Ndipo za magulu zija ndikanakondabe mutayesa ulendo wachiwiri, akakupatsani mpata wophunzitsanso.